Mukaiwala kumwa mankhwala a BP: zoyenera kuchita

Munthu amene waiwala kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku limodzi nthawi zambiri sakhala pa ngozi. Choopsa kwambiri ndi kumwa mapilitsi a maulendo awiri nthawi imodzi pofuna kubweza amene anaiwalika. Kuteroko kumatsitsa BP mopitirira, ndipo munthu amachita chizungulire, chidima m'maso, mwinanso kugwa poimirira.

Lamulo la maola 12

Ngati mankhwala anu ndi omwa kamodzi pa tsiku, monga amulodipini, werengani maola amene apita kuchokera pa nthawi imene mumamwera. Ngati sanakwane 12, imwani pompo. Ngati apitirira 12, alekeni, mudzamwe mawa pa nthawi yake, mlingo wa masiku onse.

Tiyerekeze bambo amene amamwa amulodipini wa mamiligalamu 5 nthawi ya 5 koloko m'mawa. Tsiku lina walawirira kudooko osamwa. Akakumbukira 1 koloko masana, papita maola 8, choncho amwe, ndipo mawa amwenso 5 koloko monga kale. Koma akakumbukira 9 koloko usiku, papita maola 16. Agone osamwa, m'mawa amwe pilitsi limodzi basi. Amulodipini amakhalitsa m'thupi, motero wa dzulo amakhala akugwirabe ntchito pang'ono.

Ngati mumamwa kawiri pa tsiku, monga momwe ena amalemberedwa enalapirili, mpata wake ndi wochepa. Mukakumbukira patangopita maola ochepa, imwani. Nthawi ya ulendo wachiwiri ikayandikira, siyani oiwalikawo, mumwe a ulendo wachiwiriwo okha.

Mankhwala ofuna kusamala mwapadera

Mapilitsi okodzetsa, amene pa kapepala amalemba kuti HCT, amamwedwa m'mawa. Mukawakumbukira dzuwa litapendeka, ndi bwino kudikira mawa, chifukwa adzakudzutsani usiku kangapo kupita kukataya madzi.

Atenololo ndi pulopulanololo amachepetsa liwiro la mtima. Kumwa awiri kungachedwetse mtima koopsa, pomwe kuwasiya mwadzidzidzi kwa masiku angapo kungauthamangitse ndi kubweretsa ululu pachifuwa. Ngati mwakhala masiku angapo osamwa mankhwala a mtundu uliwonse, pitani kuchipatala ndi buku lanu, akakuyezeni ndi kukuuzani mlingo woyambiranso. Mayi woyembekezera asadikire masiku, afunse kusikelo msanga.

Nanga ngati simukukumbukira kuti mwamwa kapena ayi? Werengani mapilitsi otsala. Ngati munalandira 30 ndipo munayamba pa 1, madzulo a pa 10 payenera kutsala 20. Mukapeza 21, pali tsiku limene simunamwe. Zikakanika kudziwika, musamwe, dikirani nthawi yotsatira.

Zofunika kuthamangira kuchipatala

BP yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi, choncho kusamva kupweteka si umboni woti zili bwino. Koma pakamwa pakapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akamatuluka mosamveka, mutu ukapweteka koopsa, maso akasiya kuona bwino, kapena pachifuwa pakamapweteka ndi kubanika, wodwala apite kuchipatala nthawi yomweyo. Musataye nthawi ndi kumumwetsa mapilitsi oonjezera. Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, pumulani mphindi zisanu ndi kuyezanso. Ikakhalabe pomwepo, onanani ndi achipatala tsiku lomwelo.

Kukhazikitsa chizolowezi

Njira yodalirika ndi kumangiriza mankhwala ku chinthu chimene simuchiphonya. Kwa ambiri chinthucho ndi swala ya Fajiri: mukangomaliza kuswali, imwani. Ikani mapilitsi ndi kapu ya madzi pafupi ndi pamene mumasunga mkeka woswalira, pamalo ouma ndiponso pamwamba posafikira ana. Mukameza, chongani tsikulo pa kalendala. Chongani mutamwa kale, osati musanamwe, kuti chizindikirocho chizinena zoona. Alamu ya foni ndi wachibale mmodzi wokufunsani zimathandizanso.

Opita panyanja usiku kapena pa ulendo wa malonda atenge mapilitsi a masiku owonjezera m'kabotolo kouma kotseka bwino. Ndipo mapilitsi akatsala a sabata imodzi, konzekani zokatenga ena, pakuti masiku ambiri osamwa amayamba ndi kutha kwa mankhwala m'nyumba.

Mwezi wa Ramadhani usanafike, funsani achipatala nthawi yatsopano yomwera. Omwa kamodzi pa tsiku kawirikawiri amasunthidwira pa nthawi ya daku kapena yomasula, koma okodzetsa amafuna uphungu wapadera chifukwa amachotsa madzi m'thupi la munthu amene sakumwa tsiku lonse. Mukaiwala pa daku, musadzaphatikize awiri pomasula, mudzamwe mlingo umodzi wokha.