Dayodi Imodzi, Kapasita Imodzi: Mbiri ya Kilampa ndi Piki Ditekita

Ophunzira zamagetsi ambiri amakumana ndi maseketi awiriwa tsiku limodzi, n'kumaganiza kuti mphunzitsi wajambula chinthu chimodzi kawiri. Onse ali ndi dayodi ndi kapasita, palibenso china. Koma mukalowetsa funde la sayini, limene limakwera ndi kutsika mosalala ngati magetsi a m'nyumba, imodzi imatulutsa mzere woongoka, inayo imatulutsa funde lomwelo koma litasuntha malo. Yoyambayo ndi piki ditekita, yachiwiriyo ndi kilampa. Kusiyana konse kwagona pa malo amene mwagunditsa mawaya anu oyezera: pa kapasita kapena pa dayodi. Mfundo yochepayi yagwira ntchito zaka zoposa 120, ndipo chimene chakhala chikusintha kwambiri m'zaka zonsezi ndi dayodiyo.

Dayodi ili ngati vavu ya mjigo: imalola magetsi kupita mbali imodzi, kubwerera ayi. Kapasita ili ngati ndowa, imasunga zimene yathiridwa. Chida chosunga magetsi chinalipo kale kuyambira m'ma 1740, pamene akatswiri a ku Leiden ankasunga magetsi m'botolo. Chimene chinkasowa ndi vavu. Mu 1874 Ferdinand Braun wa ku Germany anapeza kuti miyala ina ya mtovu ndi ya chitsulo imadutsitsa magetsi mosavuta mbali imodzi kuposa inayo, koma panthawiyo panalibe wodziwa choti n'kuchita nazo. Braun yemweyu mu 1897 anapanga chubu chagalasi chojambula funde la magetsi ndi kadontho kowala, kholo la osiloskopu. Popanda chida chimenechi, mawonekedwe a mafunde amene tikukamba pano bwenzi tikungowayerekeza m'mutu.

Kilampa ndiyo inayamba kuonekera. Mu 1901 Paul Villard wa ku Paris, yemwe chaka cham'mbuyo anatulukira cheza cha gama, anafalitsa seketi yokwezera mphamvu ya magetsi, yothandiza pa machubu a ekisire. Anaika kapasita panjira yochokera ku thiransifoma, ndipo kutsogolo kwake anaika vavu ya chubu chagalasi yolumikiza njirayo ndi waya wapansi. Tiyeni tiitsatire ndi manambala, titaika dayodi ya silikoni yamasiku ano, imene imadya pafupifupi 0.7 V isanatseguke.

Tilowetse funde lofika pa +10 V pamwamba ndi −10 V pansi, lozungulira ka 50 pa sekondi, kutanthauza kuti ulendo umodzi umatenga 20 ms. Dayodi tiyike moti izitseguka funde likatsikira kunsi kwa ziro. Funde likatsika kupitirira −0.7 V, dayodi imatseguka, kapasita n'kudzala. Pofika pa −10 V kapasita yasunga 9.3 V, chifukwa 0.7 V yatsalira pa dayodi. Funde likayambanso kukwera, dayodi imatseka, ndipo kapasita ilibe kotayira. Kuyambira pamenepo imachita ngati batire la 9.3 V lolumikizidwa pamzere umodzi ndi funde, choncho `Vout = Vin + 9.3`. Funde lolowa likakhala pa ziro, lotuluka lili pa 9.3 V. Likafika pa +10 V, lotuluka lili pa 19.3 V. Likatsikira pa −10 V, lotuluka lili pa −0.7 V. Kuchokera pansi kufika pamwamba ndi 20 V yomwe ija, ndipo maonekedwe a sayini sanasinthe. Zili ngati mayi amene wachirikiza chingwe choyanikapo zovala ndi mtengo: zovala n'zomwezo, kungoti zakwera kuti zisakhudze dothi. Mukatembenuza dayodi, funde lonse limatsikira pansi, n'kumayenda pakati pa +0.7 V ndi −19.3 V.

Piki ditekita inakula limodzi ndi wailesi. Mu 1904 John Ambrose Fleming wa ku London anapanga vavu yagalasi yokhala ndi kawaya kotentha, yozindikirira mafunde a wailesi, ndipo mu 1906 Greenleaf Pickard wa ku America analembetsa chida chofanana ntchito chopangidwa ndi kachidutswa ka silikoni kokhudzana ndi nsonga yachitsulo. Mu piki ditekita tizida tija tasinthana malo: dayodi ndiyo ili panjira, kapasita ili kutsogolo, pakati pa njira ndi waya wapansi.

Tilowetse funde lomwe lija la 10 V. Pa 5 ms zoyambirira funde likukwera, dayodi ndi yotseguka, ndipo mphamvu ya pa kapasita ikukwera nalo limodzi mpaka 9.3 V. Funde likangoyamba kutsika, dayodi imatseka, chifukwa tsopano mbali ya kapasita ndiyo ili pamwamba. Pa osiloskopu mumaona mzere ukukwera kamodzi kokha, kenako n'kugona phee pa 9.3 V. Zili ngati chizindikiro cha matope chimene madzi osefukira amasiya pa chipilala cha mlatho: mtsinje waphwa, koma aliyense akuona pamene unalekeza. Pali msampha umodzi wobisika apa. Funde likafika pa −10 V, kapasita idakali pa +9.3 V, ndiye dayodi ikukankhidwa chambuyo ndi 19.3 V. Wosankha dayodi ayenera kuwerengera kawiri nsonga ya funde, osati kamodzi.

Mzere woongokawo umakhalapo pokhapokha ngati palibe chimene chikudya magetsi a m'kapasita. Mukaika rezisita pambali pake, ndowa yabooka. Ndi rezisita ya 10 kΩ ndi kapasita ya 100 µF, kuchulukitsa ziwirizi kumapereka sekondi imodzi, nthawi yaitali ka 50 kuposa ulendo wa funde. Pakati pa nsonga ndi nsonga kapasita imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a 9.3 V, ndiye kuti 0.19 V, ndipo dayodi imatseguka kanthawi kochepa pa nsonga iliyonse kubwezeretsa zotayikazo. Mzere umaoneka ngati mano ang'onoang'ono a sowo. Mukasintha kapasita n'kuika ya 1 µF, nthawi ija imatsikira pa 10 ms, theka la ulendo wa funde, ndipo mano aja amakula n'kukhala zigwembe zozama.

Amisiri a wailesi anasandutsa kubooka kumeneku kukhala phindu. Pa wailesi ya AM mawu amanyamulidwa ndi kukula ndi kuchepa kwa nsonga za funde lothamanga kwambiri. Funde la 1,000 kHz limazungulira pa 1 µs, pamene mawu okwera a 5 kHz amatenga 200 µs. Mukasankha rezisita ya 10 kΩ ndi kapasita ya 1 nF mumapeza 10 µs, nthawi yokwanira kusalaza funde lonyamulalo, koma yofupika moti mawu akatsika, mzere nawo umatsika. Kapasita ikakulitsa, imakakamira pa nsonga yakale mawu atatsika kale, ndipo wailesi imalankhula ngati munthu wa chimfine.

Amene anamangirira maseketi awiriwa pamodzi ndi Heinrich Greinacher wa ku Switzerland, mu 1913. Chida chake choyezera chinkafuna 200 V mpaka 300 V, koma magetsi a mu mzinda wa Zurich anali 110 V basi. Kilampa ikatsatiridwa ndi piki ditekita, yoyamba imakweza funde, yachiwiri imagwira nsonga yake. M'chitsanzo chathu nsonga ili pa 19.3 V, dayodi yachiwiri imadya 0.7 V, ndipo timatsala ndi 18.6 V yosagwedera kuchokera ku funde la 10 V. Patapita zaka zochepa Greinacher anaonetsa kuti magawo otere angasanjikizidwe ngati makwerero. Mu 1932 John Cockcroft ndi Ernest Walton ku Cambridge anamanga makwerero amenewa aakulu, anapeza mavolti masauzande mazanamazana, n'kuswa nawo atomu ya lifiyamu. Analandira mphoto ya Nobel mu 1951.

Wailesi ya kanema ndiyo inapatsa kilampa ntchito yake yodziwika kwambiri. BBC inayamba kuulutsa zithunzi mokhazikika ku Alexandra Palace mu 1936. Chithunzi chikamadutsa m'magawo okuzira mphamvu, kapasita iliyonse panjira imachotsa mulingo wokhazikika wa funde, ndiye mtundu wakuda umayandama: chithunzi cha usiku chimaoneka chotuwa ngati phulusa. Kilampa imakhomerera pansi pa funde pa mulingo umodzi kumayambiriro kwa mzere uliwonse wa chithunzi, ndipo chakuda chimakhaladi chakuda.

Russell Ohl atapeza mu 1940, ku Bell Labs, malire a mitundu iwiri ya silikoni m'kachidutswa kamodzi, njira inatseguka yoti machubu agalasi alowedwe m'malo ndi timadayodi tonga njere ya mpunga. Koma 0.7 V ija inatsala. Pa funde la 10 V ndi yochepa, koma funde la 0.3 V dayodi ya silikoni siiliona n'komwe, ndipo piki ditekita imatulutsa pafupifupi ziro. Yankho linabwera ndi ma opu-ampu otchipa ngati µA741 ya kampani ya Fairchild mu 1968. Dayodi ikaikidwa m'njira imene opu-ampu imadziyezera, opu-ampuyo imadzikweza ndi 0.7 V yowonjezera mpaka kapasita ifike ndendende pa nsonga ya funde. Malire ake ndi liwiro: funde likathamangitsa, opu-ampu imachedwa n'kuphonya nsonga.

Seketi ya Villard idakalipo m'makhitchini. Mu uvuni wa mayikulowevu wa thiransifoma yolemera, thiransifomayo imatulutsa pafupifupi 2,000 V, kenako pali kapasita ya pafupifupi 1 µF ndi dayodi imodzi, zimene zimakankhira funde lonse kunsi kwa ziro kuti chubu chophikira chilandire pafupifupi 4,000 V. Nayo piki ditekita ili m'matchaja ambiri: magetsi athu a 230 V ali ndi nsonga ya 325 V, ndipo kapasita yaikulu ya m'katimo imadzala kufika chapafupi pamenepo. Makapasita amenewa angathe kusungabe magetsi pulagi itazulidwa, ndipo a mu uvuni akhoza kupha munthu.

Inu amene mukufuna kudzionera nokha, tengani thiransifoma yaing'ono ya 6 V kapena 9 V, dayodi ya 1N4007 ndi kapasita ya 100 µF. Musanayeze, onetsetsani kuti osiloskopu ili pa `DC` osati pa `AC`. Ikakhala pa `AC` imachotsa mulingo womwe kilampa yaika, funde limabwerera pakati, ndipo mudzataya dayodi yabwinobwino mukuyesa kuti yapsa.