Moni wa pabwalo ndi moni wa m'nyumba

Pa maliro a ku Balaka kapena ku Liwonde si zachilendo kuona shehe atakhala benchi limodzi ndi abusa a CCAP, kumbuyo kwawo kuli amayi a Mvano ndi mabulauzi awo oyera. Malemuwo mwina anali mphunzitsi wa ku Dedza amene anakwatira mayi wa Chiyao, ndipo anzawo a kuntchito ena kwawo ndi ku Rumphi, ena ku Nsanje. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'Malawi, koma ku Mangochi ndi ku Machinga ndiwo ochuluka. Pabwalo lotere, munthu amene wapatsidwa udindo woyendetsa mwambo amatha kukhumudwitsa theka la anthu asanamalize n'komwe chiganizo choyamba.

Kawirikawiri vuto limayamba chonchi. Woyendetsa mwambo aimirira, nakuwa kuti "Aleluya!" kudikira "Ameni". Mbali imodzi iyankha mwamphamvu, mbali inayo zii. Abale a mayi wamasiye, amene achezera usiku wonse pa siwa, angoweramitsa mitu. Palibe watukwanidwa, komabe auzidwa kuti pamalowa iwo ndi alendo.

Ine ndimasiyanitsa mitundu iwiri ya moni. Pali moni wa pabwalo, umene aliyense angaupereke kwa aliyense: "Moni nonse", "Mwaswera bwanji?", "Zikomo", "Takulandirani". Palinso moni wa m'nyumba, umene anthu a chikhulupiriro chimodzi kapena a ufumu umodzi amadziwirana nawo. "Asalamu alaikumu" ndi wotero, ndipo ndi pemphero lofunira mnzako mtendere, loyankhidwa kuti "Walaikumu salamu". "Ambuye alemekezeke" ndi wotero. "Sabata labwino" la a Seventh Day ndi wotero. Ngakhale "Bayete" wa Angoni ali m'gulu lomweli, chifukwa ndi ulemu wa Inkosi ya Makosi, Gomani kapena M'mbelwa, osati wa mfumu iliyonse yovala mkanjo. Moni wa m'nyumba umafuna yankho, ndipo yankholo ndi kuvomereza. Ukauponya pa khamu losakanikirana, ukukakamiza ena kuti asankhe pakati pa kunena zimene sakhulupirira ndi kukhala chete pamaso pa anthu.

Nanga Mkhristu angapereke salamu kwa Msilamu? Ambiri a ku Mangochi amaulandira ndi manja awiri, makamaka ukachokera kwa mnansi amene amamudziwa. Ena amaona kuti ndi wa Asilamu okhaokha. Ine ndimati Msilamu akakupatsa salamu, yankha bwinobwino usachite manyazi, pakuti wakufunira zabwino. Koma ngati ukuyamba ndiwe ndipo munthuyo sumudziwa, chilankhulo chake ndi khomo losavuta kuposa chipembedzo chake.

Moni wa chilankhulo ndi wosiyana, chifukwa sufunsa munthu za Mulungu wake. Mkulu wa Chiyao ukamuuza kuti "Ali uli?" amayankha kuti "Ndili chenene", nkhope itawala. Onani kuti sakunenedwa ngati "inu" koma ngati "iwo", monga momwe ifenso timanenera kwa akuluakulu kuti "Ali bwanji agogo?" tikuyang'anizana nawo. Pa dzina lake pamayamba "Che", ndipo kusiya liwuli kuli ngati kuitana bambo wako wamng'ono ndi dzina la paubwana. Mtumbuka umamupatsa "Monire" kapena "Muli uli?", iye n'kuti "Nili makora", ndipo kuthokoza kwake ndi "Yewo". Wa ku Karonga amathokoza ndi "Ndaga". Msena akati "Takhuta" akuthokoza, sakunena za nsima ayi, choncho osamuseka.

Malire ake alipo. Moni wobwereka ukhale waufupi, wonenedwa ndi mawu ako enieni. Ukayamba kukokera mawu motsanzira, anthu n'kuseka, wasanduka sewero ndipo mwini chilankhulo amamva kuwawa. Komanso osaganizira mtundu wa munthu poona chovala kapena chigawo. Si wa kumpoto aliyense amene ali Mtumbuka: alipo Atonga, Ankhonde, Alambya. Si Myao aliyense amene ali Msilamu, ndipo ku Nkhotakota kuli Achewa ambiri a mu mzikiti. Ukapanda kudziwa, yamba ndi Chichewa, umve mmene akuyankhira.

Pomwe anthu ambiri amapunthwa ndi pa dzanja. Mayi wa Mvano afika pa benchi, apereka dzanja kwa abusa, kwa amfumu, kenaka kwa shehe. Shehe aika dzanja lawo lamanja pachifuwa, naweramitsa mutu pang'ono. Mayiyo atsala dzanja lili m'malere, ndipo madzulo nkhani imveka yoti shehe ndi wonyada. Chifukwa chake sichimenecho. Asilamu ambiri a kuno amatsata chiphunzitso cha Imamu Shafi, chimene chimati mwamuna akakhudzana khungu ndi mkazi amene angathe kumukwatira, udhu wake, kutanthauza kudziyeretsa ndi madzi asanaswali, umaonongeka. Enanso sagwirana chanza ndi akazi kapena amuna a eni nthawi ina iliyonse. Dzanja la pachifuwa ndi moni wathunthu. Achewa sitiyenera kudabwa nazo, pakuti mkamwini wolongosoka amapereka moni kwa apongozi ake aakazi ali poteropo, atanyonyomala, akuwomba m'manja. Njira yake ndi yomweyo: yandikira, womba m'manja pang'ono kapena pinda mawondo, nena moni, ndipo dikira. Dzanja likatuluka lilandire ndi lamanja, lamanzere litagwirizira pamkono. Likapanda kutuluka, moni watha kale.

Tibwerere kwa woyendetsa mwambo uja. Asanaimirire, ayenera kuzungulira mwakachetechete kufunsa kuti pabwera ndani ndipo amatchedwa chiyani. Akayamba, ulemu woyamba ndi wa eni nthaka: agulupu ngati alipo, kenaka nyakwawa ya mudziwo, kenaka mafumu amene abwera ndi alendo. Akatero atchule atsogoleri a zipembedzo, aliyense ndi dzina la udindo wake. Wa Katolika ndi bambo mfumu, wa CCAP ndi abusa, wa mu mzikiti ndi shehe. Mawu akuti "azibusa nonse" amasiya shehe panja, pomwe "atsogoleri athu a mipingo ndi mizikiti" amakwanira onse. Kenaka anamfedwa a mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, adzukulu amene akumba manda, ndi khamu lonse. Kwa anamfedwa mawu ndi "Pepani", ndipo amenewa alibe mpingo. Ikafika nthawi ya pemphero, anene poyera kuti atsogolere ndani, kuti amene satenga nawo mbali, monga a Mboni za Yehova amene sapemphera pamodzi ndi zipembedzo zina, akhale phee popanda wowayang'ana ndi diso loipa.

Alipo mawu amene sayenera kumveka konse pabwalo lotere. "Akunja" ndi limodzi, ndipo limatuluka mosavuta m'kamwa mwa mlaliki amene wazolowera guwa lake. "Kafiri" ndi mnzake wa mbali inayo. "Anguru" ndi dzina limene Alomwe analikana kalekale, "Achawa" Ayao ambiri salifuna, ndipo "obwera" limapweteka munthu amene ana ake anabadwira m'mudzi momwemo. Pamene dzina la mtundu lingalase, mfunda umachiritsa. Mayi ukamuti Nabanda kapena Nangozo, bambo ukamuti a Phiri kapena a Jere, wa kumpoto ukamuti NyaGondwe, wamulemekeza pamodzi ndi makolo ake. Mfundawo uyambe wafunsa kwa wachibale, chifukwa mayi wokwatiwa amaitanidwa ndi wa kwawo, osati wa mwamuna wake.