Mbiri ya Kalembedwe ka Manambala m'Chichewa ndi Khutu la Womvera

Aliyense amene adawerengapo chikalata pamsonkhano kapena pawailesi akudziwa mmene lilime limakodwera likafika panambala yaitali. Wowerenga amaima, namayesa kuinena m'Chichewa, kenaka n'kuthawira ku Chingerezi. Vutoli si la lero ayi. Gwero lake lili m'kawerengedwe ka makolo athu ndi m'njira imene kawerengedweko kadadzera pokalowa m'mabuku, m'sitolo ndi pawailesi.

Makolo athu ankawerenga ndi zala. N'chifukwa chake Chichewa chili ndi masinde asanu okha a manambala oyambirira: -modzi, -wiri, -tatu, -nayi ndi -sanu. Zala za dzanja limodzi zikatha, munthu amalumphira dzanja linalo, nati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka kufika pakhumi. Pamwamba pa khumi pali zana ndi chikwi. Kawerengedwe aka kankakwanira bwino powerenga mbuzi, mizere ya m'munda kapena masiku a ulendo, chifukwa wonena ndi womva ankaonana maso ndi maso, ndipo zala zinkathandiza pakamwa.

Zinthu zidasintha pamene amishoni adayamba kulemba chiyankhulochi. Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, lidalemba manambala ake m'mawu, ndipo m'Baibulo muli manambala aakulu ndithu. Titenge zaka 969 za Metusela. Tikati tizinene m'Chichewa chokhachokha tidzati zaka mazana asanu ndi anayi, kudza makumi asanu ndi limodzi, mphambu zisanu ndi zinayi. Malembo atatu a papepala asanduka mawu khumi ndi atatu, ndipo womvera ayenera kuphatikiza katatu m'mutu mwake asanaidziwe nambalayo. Wowerenga buku angabwerere m'mbuyo akasokonezeka, koma womvera alibe mwayi umenewo.

Kutalika si vuto lokhalo. Choopsa kwambiri ndi mawu akuti "ndi", amene amagwira ntchito ziwiri. Munthu akati "anthu makumi asanu ndi awiri", kodi akunena anthu 70 kapena 52? Ngati "awiri" akuloza makumi, anthuwo ndi 70; ngati akuloza anthu, ndi 52. Mgwirizano wa mayina umatipulumutsa nthawi zina: "nkhuku makumi asanu ndi ziwiri" ndi 52 basi, popeza "ziwiri" sangaloze makumi. Koma pa anthu, mazira kapena matumba, mgwirizanowo ndi wofanana ndi wa makumi, motero khutu silingasiyanitse. Apa ndi pamene pamaonekera nzeru ya mawu akuti "mphambu" ndi "kudza", amene mabuku akale ankawagwiritsa ntchito. Mawuwa ali ngati mpanda wolekanitsa makumi ndi zotsalira: "makumi asanu mphambu awiri" ndi 52 mosakayikitsa. Mlembi wa lero akawataya poganiza kuti ndi achikale, amataya chida chimene chidathetsa kale chisokonezo.

Pamene mabuku ankalimbana ndi zimenezi, kusukulu ndi kumsika anthu adatenga njira yachidule. Masamu ankaphunzitsidwa ndi manambala a Chingerezi, ndipo ndalama za atsamunda, mapaundi, masheleni ndi makobiri, zidabwera ndi mayina akeake. Mu 1971 dziko la Malawi lidayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Mayina a ndalamazo adali athu, koma kawerengedwe kake kadatsalabe kobwereka: fifite tambala, teni kwacha, handiredi kwacha. Umu ndi mmene padabadwira mgawano umene tili nawo mpaka pano. Kuyambira chimodzi mpaka zisanu, ndiponso khumi, pafupifupi aliyense amanena m'Chichewa. Kupitirira apo ambiri amabwereka, makamaka pa ndalama, nthawi ndi zaka.

Manambala obwereka nawonso ali ndi msampha wake. Satini ndi sate, fotini ndi fote, fifitini ndi fifite amasiyana kumapeto kokha, ndipo kumapetoko ndi kumene kumamezeka wolankhula akafulumira kapena wailesi ikamachita phokoso. Bungwe loulutsa mawu la MBC litakhazikitsidwa mu 1964, ndiponso Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, nkhani za boma, mitengo ya mbewu ndi zotsatira za kalembera zidayenera kumveka kwa anthu amene sankaona pepala. Bungwe la Chichewa, lokhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, koma lamulo la kalembedwe ka mawu silingauze mlembi nambala imene khutu lingainyamule. Chimenecho amasankha ndi mlembi mwini.

Tione chitsanzo chimodzi bwinobwino. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17,563,749 m'Malawi. Nambala imeneyi ndi yoyenera m'lipoti, koma womvera akaimva yonse amagwira mapeto ake, 749, naiwala mamiliyoni amene ali mutu wa nkhani. Choyamba, tsono, ndi kuidula: anthu oposa pang'ono mamiliyoni 17 ndi theka. Chachiwiri ndi kuganizira mmene woulutsa adzatchulire 17. Akati seventini, wina adzamva sevente. Mlembi angamthandize polemba m'mawu kuti "mamiliyoni khumi mphambu asanu ndi awiri, kudza theka la miliyoni". Chachitatu ndi kuipatsa nambalayo mnzake woyerekezera naye. Kalembera wa 1966 adapeza anthu oposa pang'ono mamiliyoni anayi. Motero tinganene kuti m'zaka 52 chiwerengero cha anthu chidawirikiza kanayi ndi kupitirirapo. Mawu akuti "kanayi" ngakhale gogo wa kumudzi adzawakumbukira mawa.

Kalembera yemweyo adaonetsa kuti anthu 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumidzi. Wodziwa masamu angaone kuti zimenezi zikuyandikira 5 mwa 6, nafuna kulemba choncho. Koma tayesani kunena mokweza: "anthu asanu mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse". Masamu ake ndi olondola, koma khutu lamva "asanu" kawiri ndipo lasokonezeka. Kuli bwino kunena kuti "anthu oposa anayi mwa asanu alionse". Tataya pang'ono kulondola, koma sitidaname, ndipo uthenga wafika. Phunziro lake ndi lakuti pofupikitsa chiwerengero m'Chichewa tiyenera kutsamira pa manambala amene ali ndi liwu limodzi: theka, awiri, atatu, anayi, asanu, khumi, zana.

Kudula nambala kuli ndi malire ake. Mtengo wa thumba la feteleza, muyeso wa mankhwala, mavoti a chisankho ndi nambala ya lamya sizidulidwa, chifukwa pamenepo kusiyana kwa chimodzi kungavulaze munthu. Zotere zinenedwe zonse, pang'onopang'ono, ndipo zibwerezedwe; nambala ya lamya itchulidwe m'timagulu ta manambala awiri kapena atatu. Chiganizo chimodzi chisasenze manambala oposa awiri, ndipo chinthu chowerengedwacho chitchulidwe poyamba monga mwa chibadwa cha Chichewa, kuti womvera adziwiretu ngati akumva za anthu, matumba kapena makwacha.

Njira yodziwira ngati mlembi wakhoza ndi yapafupi. Awerengere mnzake chiganizocho kamodzi kokha, namfunse kuti abwereze nambala imene wamva. Mnzakeyo akazengereza, kapena akafunsa kuti "70 kapena 52?", chiganizocho chilembedwenso chisanapite kwa woulutsa.