Zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera: zofunika kupita nazo kuchipatala tsiku lomwelo

Tsiku limene namwino amalemba m'buku la kusikelo ndi la mayi amene pathupi pake pakuyenda bwino. Pali zizindikiro zina zimene sizidikira tsikulo, ndipo sizidikira kuti kunja kuche. Kwa amayi a ku Lupaso mumzinda wa Mzuzu, mtunda si vuto lalikulu, pakuti chipatala chachikulu cha Mzuzu chili ku Luwinga, pafupi pomwepo. Ngozi imabwera pamene banja lachedwa kuvomereza kuti zimene mayi akumva si zowawa wamba za pathupi.

Mutu, maso ndi kutupa

Pathupi pakadutsa masabata 20, magazi a amayi ena amayamba kuthamanga kwambiri, ngakhale amene sanadwalepo bipi. Vutoli limayambira ku nsengwa, chiwalo chimene mwana amalandirira chakudya m'chiberekero, ndipo limawononga mitsempha ya magazi, impso, chiwindi ndi ubongo. Achipatala amalizindikira bipi ikafika 140/90 kapena kuposa, komanso akapeza mapulotini mumkodzo.

Titenge chitsanzo cha mayi wa ku Lupaso wa pathupi poyamba pa masabata 32. Wadzuka nkhope ndi manja zitatupa, mphete yamuthina. Masana mutu ukumupweteka kwambiri, wamwa panado koma sukusiya. Madzulo akuona zinthu mwachimbuuzi, kapena timadontho tothwanima, ndipo akumva ululu pansi pa nthiti za kumanja. Achibale anganene kuti kutupako ndi mapasa ndipo ululuwo ndi chilungulira. Komatu kutupa kwa mapazi okha, kumene kumaphwa mayi akagona, n'kosiyana ndi kutupa mwadzidzidzi kwa nkhope ndi manja. Mayiyu akhoza kukomoka n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu usiku womwewo.

Akafika kuchipatala, amuyeza bipi ndi mkodzo, n'kumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana. Bipi ikafika 160/110 amamugoneka, kumupatsa mankhwala otsitsa bipi ndiponso jakisoni wa maginiziyamu salifeti woteteza kukomoka. Matendawa amayamba kutha mwana ndi nsengwa zikatuluka, n'chifukwa chake madokotala nthawi zina amachiritsa mayi masiku asanakwane. Zizindikiro zomwezi zikhoza kuonekanso mayi atachira kale.

Kutaya magazi

Magazi otuluka kumaliseche pa nthawi iliyonse ya pathupi ndi oopsa, angachepe bwanji. M'miyezi itatu yoyambirira angatanthauze kuti pathupi pakuchoka, kapena kuti pakhala m'njira ya mazira osati m'chiberekero, makamaka ngati mbali imodzi ya chinena ikupweteka ndipo mayi akuchita chizungulire. M'miyezi yomaliza, magazi ofiira otuluka popanda ululu kawirikawiri amasonyeza kuti nsengwa yatsekereza khomo la chiberekero. Magazi oderapo, mimba ikupweteka ndi kuuma ngati thabwa, amasonyeza kuti nsengwa yayamba kumatuka. Apa ooneka kunja angakhale ochepa pamene ambiri akutayikira mkati. Mayi asalowetse kanthu kumaliseche, ndipo atenge nsalu imene wadzitchinjiriza nayo kuti mzamba aone kuchuluka kwa magaziwo.

Kutentha thupi, nsupa ndi kutakataka kwa mwana

Kutentha thupi ndi kunjenjemera kungakhale malungo kapena matenda a njira ya mkodzo, ndipo zonsezi zingayambitse kuchira masiku asanakwane. Mayi asagule mankhwala mugolosale, koma akayezetse magazi, ngakhale atakhala kuti amamwa fansida wa kusikelo. Kubanika ndi kufooka, zikhatho zitayera, kumasonyeza kuchepa kwa magazi.

Nsupa ikasweka matenda asanayambe, njira yolowera tizilombo kwa mwana yatseguka. Madzi obiriwira kapena onunkha ndi oopsa koposa. Mwananso akachepetsa kutakataka kusiyana ndi mmene amachitira masiku onse, kapena akasiyiratu, mayi asadikire kuti aone mawa.

Zochita panyumba

Mayi akakomoka, mugonekeni chammbali chakumanzere, musamuike kanthu mkamwa ndipo musamumwetse chilichonse. Mayi wokomoka, wachizungulire kapena wotaya magazi ambiri asakwere kabaza: pezani galimoto, ndipo wina amuperekeze atanyamula buku la kusikelo. Asamwe mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo, chifukwa angachititse kuti chiberekero ching'ambike.

Banja ligwirizane pathupi pakadali pang'ono: nambala ya woyendetsa galimoto amene angabwere usiku, ndalama ya ulendo, ndi mfundo yakuti mayi anyamuka osadikira bambo kapena apongozi amene ali kutali. Pofika kuchipatala asakhale pamzere wa sikelo, koma auze namwino chizindikirocho ndi nthawi imene chinayamba.