Mayeso atatu a ubongo ndi funso la "wachira"

Mnyamata wa kabaza akagwa pa msewu wa M1 n'kumenyetsa chipumi, achibale amapumira m'mwamba akatuluka m'chipatala akuyenda ndi kuyankhula bwinobwino. Amati wachira. Pakapita miyezi amayamba kudandaula kuti wayamba mwano, ndalama sizikhalitsa m'manja, ntchito amaisiyira panjira, ndipo ena amathamangira kunena za ufiti. Mbiri ya mayeso a ubongo ikusonyeza kuti mawu oti "wachira" amanenedwa msanga, chifukwa mbali yakutsogolo ya ubongo imagwira ntchito zomwe kucheza wamba sikungaziyese: kudziletsa, kusintha njira zinthu zikasintha, ndi kukonzeratu zochita.

Nkhaniyi ambiri amaiyambira mu 1848 ku Vermont, komwe chitsulo chidaboola mutu wa Phineas Gage, kapitawo wa ntchito ya njanji. Adapulumuka, koma dokotala wake adalemba kuti khalidwe lake lidasinthiratu. Panalibe chida choyezera kusinthako.

Mu 1935 John Ridley Stroop adafalitsa mayeso omwe lero amayesa kudziletsa. Amalemba dzina la mtundu ndi inki ya mtundu wina, monga mawu oti "kufiira" olembedwa ndi inki yobiriwira, ndipo woyesedwa atchule inkiyo, asawerenge mawuwo. Kwa munthu wozolowera kuwerenga, pakamwa pamathamangira mawu. Ophunzira a Stroop ankatenga masekondi pafupifupi 63 kutchula mitundu 100 yopanda mawu, koma 110 mawu akamasokoneza. Kusiyanako ndiye muyeso wake.

Kusintha njira kumayesedwa ndi makadi a Wisconsin, omwe David Grant ndi Esta Berg adawafotokoza mu 1948. Munthu amasanja makadi potengera mtundu, maonekedwe kapena chiwerengero cha zithunzi, koma sauzidwa lamulo, amangomva kuti "wakhoza" kapena "walakwa". Akakhoza kakhumi motsatizana, woyesa amasintha lamulo mwakachetechete. Mu 1963 Brenda Milner ku Montreal adaona kuti odwala omwe adachotsedwa gawo lakutsogolo la ubongo amakakamira lamulo lakale ngakhale auzidwe mobwerezabwereza kuti alakwa. Kukonzeratu kudapeza mayeso ake mu 1982, pomwe Tim Shallice adapanga Nsanja ya London: mipira itatu ndi timitengo titatu, kena kolandira mipira itatu, kena iwiri, kena umodzi. Munthu amasuntha mpira umodziumodzi kuti afanizire chithunzi mosachulutsa masuntho. Ngati mpira wofunika pansi uli pamwamba, ayenera kuyamba wauika pambali, kutali ndi komwe ukupita, monga katswiri wa bawo amawerengeratu maenje asanatole nkhomo. Wopupuluma amauika pomwe pakuoneka pafupi n'kudzitsekera yekha.

Cholakwika chidabwera pomwe mayesowa adayamba kutengedwa ngati chigamulo chomaliza. Mu 1991 akatswiri awiri ku London adalemba za odwala atatu ovulala m'mutu omwe ankakhoza bwino mayeso a nzeru ndi ambiri mwa mayeso a patebulo, pomwe moyo wawo unali utasokonekera. Adawatuma kumsika wa mashopu ndi kapepala: agule zinthu zingapo monga buledi, akapezeke pamalo ena pakatha mphindi 15, asalowe m'shopu popanda chogula, awononge ndalama zochepa. Atatu onsewo adaswa malamulo ndi kusokoneza ndondomeko kuposa anthu abwinobwino. Chifukwa chake n'chomveka. Patebulo woyesa ndiye amanena poyambira ndi pothera, ndipo motero amasenza yekha mtolo womwe wodwalayo amaulephera kunyumba.

Wina anganene kuti mayesowa ngopanda pake, makamaka kuno. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona. Mayi wogulitsa usipa mumsika wa Mzuzu amene adalekezera sukulu ku pulayimale sangasokonezedwe kwambiri ndi mawu olembedwa, choncho angaoneke wodziletsa kuposa mphunzitsi, pomwe makadi achilendowo angamuonetse ngati wovulala. Kumuyesa m'Chichewa munthu woganiza m'Chitumbuka kumachedwetsanso mayankho pa chifukwa chosakhudza ubongo. Komabe kutaya mayesowa n'kubwerera ku nthawi ya Gage, pomwe tinkangoti munthu wasintha. Njira zowakonza zilipo: kuyambira mu 1994 ana amayesedwa powauza kuti aziti "usiku" akaona dzuwa ndi "usana" akaona mwezi, zomwe sizifuna kuwerenga. Ophunzira za matenda a maganizo ku St John of God mumzinda wa Mzuzu, ndi onse olandira ovulala pa Mzuzu Central Hospital, akufunika ziwerengero zofanizira zotengedwa kwa anthu athu omwe, molingana ndi zaka ndi maphunziro, komanso kufunsa mkazi kapena mayi wa wodwala momwe akuyendetsera ndalama ndi ntchito asanalembe kuti wachira.