Kuyerekeza nkhani yolembedwanso ndi yoyambirira

Iyi ndi ntchito yomaliza ya mkonzi. Amaika mapepala awiri pambalipambali n'kufufuza mfundo zimene zawonjezeka, zatayika kapena zapotoka. Sayang'ana kukoma kwa Chichewa. Pa pepala loyambirira amadula mzere kunsi kwa dzina, nambala, mwezi ndi timawu monga "ena", "okha" ndi "mwina", kenako amasaka chilichonse pa pepala latsopanolo. Akatha amayambiranso ku latsopano kubwerera ku lakale, chifukwa chowonjezera chimagwidwa pa ulendo wachiwiriwu.

Tiyerekeze kuti wina kwa Khombedza ku Salima akufupikitsa nkhani ya chilumba cha Mbenji kuti iwerengedwe pamsonkhano wa asodzi. Yoyambirira ikunena kuti usodzi pachilumbachi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo umene Mfumu Makanjira anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1950. Wofupikitsa walemba kuti boma limatseka nyanja nthawi ya dzinja pofuna kuteteza chambo.

Chiganizocho chikumveka bwino, komatu chalakwa ponseponse. Miyezi yatayika, ndipo msodzi sangadziwe tsiku lokankhira bwato m'madzi pongomva "dzinja". Chambo chalowa popanda wochiitana. Nsomba yotchuka ku Mbenji ndi utaka. Choopsa kwambiri n'chopotokacho: lamulo la mfumu lasanduka la boma, chilumba chasanduka nyanja yonse. Mawu otere savuta kuwadumpha, poti boma nalo limatsekadi usodzi wa makoka ena mu Novembala ndi Disembala.

Mkonzi amabwezera miyeziyo, dzina la mfumu ndi la chilumba, n'kufufuta chambo.