Mmene kuthimathima kwa magetsi kunasinthira kasungidwe ka seva

Kale, kusunga zamumakompyuta a kampani kunali ntchito ya usiku. Poweruka, wina ankaika tepi m'makina, zonse za tsikulo n'kukopedwa, m'mawa tepiyo n'kukatsekeredwa m'sefa. Mapulogalamu a ERP, amene amaphatikiza malonda, katundu ndi malipiro m'databesi imodzi, anatengera chizolowezi chomwecho. Chinkayenda chifukwa seva inkagona ikuyaka.

Kuno kwathu chizolowezichi chinaonekera ng'amba m'zaka za 2016 ndi 2017, madzi atachepa mu Shire, makina a ku Nkula ndi Tedzani akupereka magetsi operewera. Ambiri anathamangira kugula UPS. Koma UPS wamba amangogwira seva kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, pomwe mabatire ake amafuna maola angapo kuti adzazenso. Magetsi akabwera pang'ono n'kuthimanso, amapeza batire ilibe kanthu, seva n'kuzima ili mkati molemba. Ntchito yeniyeni ya UPS ndi kupatsa jenereta mpata woti ilire, ikakanika auze seva kudzera pa chingwe kuti izitseke yokha bwinobwino.

Vuto lalikulu linali lobisika. Tiyerekeze golosale ya ku Limbe yogwiritsa ntchito Odoo, imene imakopera databesi ndi pg_dump nthawi ya 10 koloko usiku kudzera mu cron. Jenereta amaizimitsa potseka shopu kuti dizilo asathe. Magetsi akapanda kubwera, 10 koloko imafika seva ili chizimire, ndipo cron sabwerera kukachita ntchito imene yamudutsa. Disiki ikadzafa Lachisanu, mupeza kuti kope lomaliza ndi la Lolemba. Kuzindikira n'kosavuta, kungoyang'ana deti la fayilo yomaliza, koma ndi angati amayang'ana?

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake analipo kale. PostgreSQL, databesi imene Odoo amadalira, inayamba mu 2001 kulemba kusintha kulikonse m'kaundula wotchedwa WAL isanakhudze databesi yeniyeniyo, ndipo mu 2005 kunabwera njira yobwezeretsa zinthu mpaka pa mphindi imene mwasankha. Mukakhala ndi kope lathunthu la pg_basebackup, n'kuika `archive_mode = on`, `archive_command` ndi `archive_timeout = 300`, kaundulayo amatumizidwa kwina mphindi zisanu zilizonse masana, jenereta ikulira. Zotayika zimakhala za mphindi zochepa, osati za masiku anayi, bola intaneti nayo ikhale pa batire.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Madzi amene anathimitsa magetsi ndi omwenso anamiza nyumba ku Chikwawa, choncho kope losungidwa m'chipinda chimodzi ndi seva silingadaliridwenso. Lina lizikhala mumzinda wina, pamodzi ndi foda ya filestore, poti mapepala amene Odoo amamata pa mainvoisi sakhala m'databesi. Kamodzi pamwezi, wina abwezeretse zonsezo pa kompyuta yapadera, awerenge maola amene zatenga, ndipo atsegule invoisi ya dzulo aone ngati ilipo.